Kusikweya kapena kudula zigawo: timizere tikakhala mbali zonse

"Zikomo aphunzitsi. Ndine wophunzira, ndimakhala ku Kawale. Pa |2x − 1| < |x + 4| ndinasikweya mbali zonse ndipo ndinakhoza. Nditachita zomwezo pa |x − 1| < |2x| − 3 ndinalakwa. Vuto lili pati?"

Achemwali, mafunso awiriwa amafanana nkhope chabe. Kusikweya kumaloledwa pokhapokha mbali zonse ziwiri zisakhale negetivi. Onani: 2 < 3 ndipo 4 < 9, palibe chasokonekera. Koma −5 < 3, pamene 25 < 9 ndi bodza.

M'funso loyambalo mbali iliyonse yatsekeredwa yonse m'timizere, choncho singatsike pansi pa ziro. Sikweyani mopanda mantha. Ine sindikonda kumasula mabulaketi, chifukwa pamenepo ndi pomwe zizindikiro zimatayikira. Ndimagwiritsa ntchito a² − b² = (a − b)(a + b):

```
(2x − 1)² − (x + 4)² < 0
(x − 5)(3x + 3) < 0
−1 < x < 5
```

Tsopano lachiwirilo. Amene wakupunthwitsani ndi −3 uja, wakhala kunja kwa timizere. Ikani x = 1. Kumanzere mupeza 0, kumanja −1, ndipo 0 < −1 si zoona. Mukasikweya zisanduka 0 < 1, zomwe ndi zoona. Mwaona? Nambala yosayenera yalowera kukhomo la kuseri. Ndikawerenga makope a ophunzira anga zimandiwawa, chifukwa masamu ena onse amakhala atawachita bwinobwino.

Apa dulani zigawo. Funani pomwe za m'kati mwa timizere zikhala ziro: x = 0 ndi x = 1. Jambulani mzere wa manambala ndi pensulo, mudule pa malo awiriwo, mukhale ndi zigawo zitatu. M'chigawo chilichonse dzifunseni ngati za m'katizo zili pozitivi kapena negetivi. Zikakhala negetivi, potulutsa m'timizere tembenuzani zizindikiro zake zonse, ndiye x − 1 asanduka 1 − x.

Pamene x < 0, zonse ziwiri ndi negetivi: 1 − x < −2x − 3, kutanthauza x < −4. Izi zili m'chigawo chathu, tizisunga.

Chigawo chapakati, 0 ≤ x < 1, ndicho chofuna maso. Tipeza 1 − x < 2x − 3, ndiye x > 4/3. Ambiri amathamangira kulemba zimenezi ngati yankho. Dikirani kaye: tinagwirizana kuti x sanafike pa 1, nanga aposa bwanji 4/3? Muno mulibe kanthu.

Pamene x ≥ 1, x − 1 < 2x − 3, kutanthauza x > 2.

Yankho ndi x < −4 kapena x > 2. Musanapereke pepala, yesani manambala m'funso lenilenilo, osati losikweya lija. Ndi x = 3 mupeza 2 < 3, ndi x = −5 mupeza 6 < 7, pamene x = 1 wakanidwa kale.