Mwana wasanza atangomwa LA, ndimpatsenso?

"Amayi anzanga thandizeni. Mwana wanga wa zaka 3 amupeza ndi malungo lero, atipatsa LA ndi panado. Dozi yoyamba wamwera kuchipatala 10 koloko mmawa, yachiwiri ndampatsa 6 koloko madzulo ano pamodzi ndi panado koma wasanza patangopita mphindi ngati 15. Ndimpatsenso kapena ndidikire mawa? Nanga ndikadzaiwala dozi ina ndidzatani?"

Pepani mayi ndi matendawo. LA yo mpatseninso usiku womwe uno, osadikira mawa ayi, koma panadoyo musabwereze. Ndifotokoze bwinobwino poti anthu ena amasakaniza zinthu ziwirizi ngati ndi mankhwala amodzi.

Chomwe timayang'ana ndi nthawi yomwe yadutsa kuchokera pomwe mwana wameza kufika pomwe wasanza. Piritsi likalowa mmimba silikhala kuti lafika kale mmagazi, limayenera lisungunuke kaye kenako litsikire mmatumbo, uko ndi komwe thupi limayamwa mankhwala ambiri. Ndiye mphindi 15 zokha ndi zochepa kwambiri, mankhwala ambiri atuluka ndi masanziwo. Pa LA zili chonchi: akasanza mphindi 30 zisanakwane palibe zokayika, mumabwereza dozi yonse. Pakati pa mphindi 30 ndi ola limodzi, kapepala ka mankhwalawa kamanena kuti mubwerezebe, ngakhale anesi ena amakuuzani malire a mphindi 30, ndiye ngati anakuuzani kuchipatala pokupatsani tsatani zimenezo. Ola likadutsa musabwereze, dozi imeneyo yalowa, ingodikirani nthawi ya dozi inayo. Nchifukwa chake ine ndimati mukamampatsa mwana mankhwala muziyang'ana nthawi pa foni ndi kulemba pakatoni pomwepo, chifukwa mwana akasanza mutu umasokonekera, mphindi 50 zimaoneka ngati 10.

Masanziwo musathamangire kukolopa, yang'anani kaye. LA ndi yachikasu chowala ndithu, ndiye mukaona zidutswa za piritsi kapena chikasu chochuluka mmasanzimo mudziwe kuti mankhwala abwerera. Koma musadalire maso okha, masanzi a ndulu nawonso amakhala achikasu, ndipo piritsi losungunula lija silisiya zidutswa. Nthawi ndi imene ikuuzeni zoona. Kulavula nakonso ndi nkhani ina, ngati mwana sanameze nkomwe wangolavula piritsi lonse mukuliona pansi, ameneyo sanamwe, mpatseni lina.

Tsono pobwerezapo musachite phuma, apa ndi pomwe ambiri amaluza dozi yachiwiri. Mimba ikadali yovunduka, mukaponyamo piritsi pompopompo libwereranso. Mupukuteni, mtsukeni mkamwa, akhale tsonga pamiyendo panu mphindi 15 kapena kupitirira pang'ono mpaka mseru utsike. Muyeseni kaye ndi timadzi pang'ono pasupuni, tikakhazikika ndiye mpatseni mankhwala. Ngati thupi latentha kwambiri mvuleni zovala zokhuthala, ana ambiri amasanza thupi likakhala pamoto. Mwana wa zaka 3 nthawi zambiri sikelo yake imakhala pansi pa makilogalamu 15, ndipo kuyambira 5 mpaka osafika 15 dozi yake ndi piritsi limodzi, kuyambira 15 mpaka osafika 25 ndi awiri, koma inu tsatani zomwe zalembedwa papaketi yanu. Ngati ndi mapiritsi osungunuka aja, ikani mkapu ndi timadzi tochepa, masupuni ang'ono awiri basi, lisungunuke, amwe, kenako tsukuluzani kapuyo ndi timadzi tina amwenso kuti zotsalira pansi zija zisatayike. Osalisungunula mkapu yodzadza, mwana wodwala samaliza kapu yodzadza ndipo simudziwa kuti wamwa mankhwala ochuluka bwanji. Komanso chonde zomutsina mphuno atagona chagada akulira zija siyani, amatsamwa, ndipo kutsamwako nkomwe kumabweretsa masanzi.

Akameza, mpatseni mkaka pang'ono kapena bere ngati akuyamwabe, kapena kachakudya kena kali konse kokhala ndi mafuta pang'ono. Izi si zongonena. Mu LA muli mankhwala awiri, atemeta ndi lumefantirini. Atemeta amalowa msanga nkupha tizilombo tambiri mwachangu koma sakhalitsa mthupi, lumefantirini ndi amene amatsalira masiku angapo kumalizitsa totsala tija, ndipo iyeyu salowa bwino mmagazi popanda mafuta. Koma pang'ono pokha, musamukakamize kudya mbale yonse poti mwamva zamafutazi, asanzanso. Ngati akukana kudya mpatsenibe mankhwalawo, chakudya chibwera akayamba kupeza bwino.

Chinthu china chomwe anthu saganizira: paketi ya LA imabwera yowerengeratu, madozi 6 a masiku atatu, mulibe lapadera. Mukabwereza usiku uno ndiye kuti mwabwereka piritsi la kutsogolo, paketi ithera pa dozi yachisanu. Mawa mmawa pitani komwe munalandira mankhwalawo mukanene kuti dozi imodzi anasanza akupatseni yowonjezera. Musati poti mwana wayamba kusewera basi zisanu zakwana. Malungo osamalizidwa bwino amakhala ngati atha kenako pakapita sabata ziwiri kapena zitatu thupi latenthanso, inu nkumati walumidwanso ndi udzudzu pomwe ndi tizilombo tomwe tija.

Kubwereza ndi kamodzi kokha. Akasanzanso dozi yobwerezayo musayesere kachitatu, nyamukani kuchipatala usiku womwewo, osadikira kuche. Mwana amene sakusunga mankhwala mmimba ndiye kuti malungo ake sakuchizidwa, ndipo kwa mwana wamng'ono malungo amatha kufika poipa mmaola ochepa. Kumeneko amubaya jakisoni wa atesuneti yemwe sadutsira mmimba, akayamba kumwa bwino nkumubwezera pa LA. Ndipo pali zizindikiro zina zoti mukaziona musayambe nkomwe zowerenga mphindi: akusanza chilichonse ngakhale madzi, akukanika kumwa kapena kuyamwa, wakomoka kapena akugwedezeka, walefuka moti sangakhale tsonga yekha kapena akuvuta kudzutsa, akupuma mobanika, zikhatho ndi mkati mwa zikope mwayera, mkodzo wakuda kapena sakukodza tsiku lonse. Masanzi obiriwira kapena a magazi chimodzimodzi.

Za panado tsopano. Chifukwa chomwe ndati musabwereze nchakuti kuopsa kwake kuli mbali ina. LA ikaperewera matenda amakula, pomwe panado akaperewera mwana angotentha thupi kwa maola angapo basi, koma akachuluka amawononga chiwindi, ndipo zimenezi sizioneka tsiku lomwelo, mwana amaoneka bwinobwino kenako nkudzadwalika patapita masiku awiri kapena atatu. Panado wamadzi amalowanso msanga kuposa LA, ndiye simungadziwe kuti mumphindi 15 zija walowa wochuluka bwanji. Muwerengeni ngati wamwa. Munampatsa 6 koloko, wina adzamwe 12 koloko usiku ngati thupi likadali lotentha ndipo akusautsika, ngati wagona bwino musamudzutse. Osapyola madozi 4 pa maola 24. Muonenso mabotolo ena omwe muli nawo mnyumba, mankhwala ambiri a chimfine ali ndi panado kale mkati, anthu amapereka zonse ziwiri osadziwa kuti akuphatikiza. Ndipo ulendo wina musamupatse LA ndi panado nthawi imodzi, yambani panado ngati thupi latentha, padutse mphindi 30 ndiye LA, akasanza mudziwa chomwe chatuluka.

Funso lanu lachiwiri lija. Mukaiwala dozi mpatseni pomwe mwakumbukira, kenako dozi yotsatira muiwerengere kuchokera pamenepo. Tiyerekeze mawa, tsiku lachiwiri, mmawa wamwa bwino koma yamadzulo mwaiwala, mwatopa mwagona. Mukadzidzimuka 11 koloko usiku mudzutseni amwe, yotsatira ikhale chapamaola 12 kuchokera apo, ndiye kuti cha mma 10 kapena 11 koloko mmawa. Koma mukakumbukira kutacha kale, nthawi ya dozi yammawa itakwana, mpatseni dozi imodzi yokha basi, osaphatikiza ziwiri kuti mubweze yadzulo. Yoiwalikayo siitayidwa, ndandanda yonse imangosunthira kutsogolo, mmalo momaliza madzulo a tsiku lachitatu mudzamaliza mmawa wa tsiku lachinayi, bola madozi onse 6 alowe. Ngati tsiku lonse ladutsa osamwa, madozi awiri kapena kuposa, pamenepo musadziwerengere nokha, bwererani kuchipatala ndi paketiyo mukawauze zoona zake, iwo ndi amene aone ngati apitirize kapena ayambirenso. Manyazi asakugwireni, anesi amakumana nazo zimenezi tsiku ndi tsiku, chovuta ndi mayi wonena kuti mwana wamaliza mankhwala pomwe mapiritsi awiri ali mchikwama, adokotala nkumaganiza kuti mankhwala akanika.

Kuphatikiza madozi kuja anthu amaona ngati nzeru koma sikuthandiza. Lumefantirini ali ndi malire a momwe matumbo angayamwire nthawi imodzi, mukachulukitsa wambiri amangodutsa, chomwe mwawonjezera ndi mseru basi.

Amene mukuwerenga muli ndi ana omwe akumwa amokisilini, zikufananako: akasanza mphindi 30 zisanakwane bwerezani kamodzi, zikadutsa dikirani nthawi yake, mukaiwala mpatseni pokumbukira pokhapokha ngati nthawi ya dozi ina yayandikira kwambiri. Koma musatenge zomwe ndalembazi nkukagwiritsa pa mankhwala a khunyu, a mtima, a shuga kapena ma ARV a mwana. Amenewo aliwonse ali ndi malangizo akeake, ena kuwonjeza pang'ono pokha nkoopsa, ndiye funsiranitu kukiliniki komwe mumalandira tsiku lomwe mukutenga mankhwalawo, mulembe mbuku la mwana.

Inuyo mayi usiku uno mukabwereza lembani nthawi yake pakatoni, mukhale naye maso ola lathunthu asanagone, ndipo mugoneke chammbali kuti akasanza mtulo asatsamwe. Yamawa mmawa mpatseni cha mma 10 koloko, maola 24 kuchokera pa dozi yoyamba ija, ndipo tcherani alamu pafoni ya madozi onse otsalawo panopa musanaiwale. Thupi likakhala kuti likutenthabe pofika tsiku lachitatu, kapena mwana akuoneka kuti akuipiraipira mmalo mochira, mubwerere naye akamuonenso ngakhale mankhwala asanathe.