Uthenga wa m'mawa uziwerenga maola amene muli nawo

"Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite, ndipo madzulo ndimagulitsa mu shopu. Ndikufuna ndizidzilembera uthenga wachidule pa WhatsApp m'mawa uliwonse kuti makalasi, maasayimenti ndi ntchito zisamandisokoneze. Kodi ndiziulemba motani?"

Funso lanu landikumbutsa chaka chimene ndinkaphunzitsa ana awiri masamu kunyumba kwawo kuti ndipeze ndalama ya lendi. M'mawa uliwonse ndinkalemba m'kope zinthu khumi kapena kuposerapo, kuyambira kuchapa zovala mpaka kumaliza asayimenti, ndipo mndandandawo ukatalika mtima unkakhala pansi ngati kuti ntchito yagwirika kale. Lachinayi lina ndinalemba kuti "kumaliza asayimenti", yoyenera kuperekedwa mawa lake, koma nditatuluka m'kalasi 3 koloko masana ndinazindikira kuti anawo akundiyembekezera 4 koloko, pamene minibasi yokha inkatenga mphindi 40. Ndinabwerako mdima utagwa, magetsi atazima, ndipo ndinalemba masamba asanu ndi kuwala kwa foni mpaka tambala woyamba. Malikisi amene ndinapeza anandipweteka mtima, chifukwa phunzirolo ndinkalidziwa bwino.

Kuchokera tsiku limenelo sindikhulupiriranso uthenga umene umangotchula ntchito osawerenga maola. Wophunzira amene ali pa ganyu saiwala kuti ali ndi asayimenti. Chimene chimamugwetsa n'chakuti amaganiza kuti ali ndi tsiku lonse, pamene pakati pa kalasi ndi ntchito patsala maola awiri okha. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti muzilemba nthawi yonyamukira, osati yoyambira ntchito yokha, ndiponso kuti mawu akuti "kumaliza" asapezeke mu uthengawo pokhapokha ngati chatsala n'chochepadi. Asayimenti iziikidwa imodzi basi, pamodzi ndi tsiku loperekera ndi gawo limene mulembe lero.

Tiyerekeze kuti ndi Lachiwiri, ndipo ku shopu mumayamba 16:00:

Makalasi: 8:00 mpaka 10:00, kenako 13:00 mpaka 15:00
Kunyamuka: 15:15 (shopu 16:00 mpaka 20:00)
Mpata: 10:15 mpaka 12:15, ku laibulale
Asayimenti: yopereka Lachisanu, lero masamba awiri oyambirira
Chotsala dzulo: kusindikiza manotsi

Ulembeni usiku musanagone, pamene mukukumbukira bwino zimene zatsala, ndipo m'mawa mungoyang'ana pa gulu la kalasi ngati aphunzitsi asintha nthawi, kenako mukonze mzere woyamba ndi wachitatu. Mukaona chinthu chimodzimodzi chikubwera pa mzere womaliza masiku atatu otsatizana, dziwani kuti gawo limene mukudzipatsa ndi lalikulu kuposa mpata wanu. Pamenepo liduleni pakati, kapena pemphani eni shopu tsiku likadali kutali kuti Lachinayi mudzayambe mochedwerapo.