Za kalata ya kwaya ija

"Asuweni, kalata yopita ku komiti ya nyimbo ija ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?"

Eee msuweni, ndamva. Lemba m'Chichewa, zimenezo n'zazing'ono. Koma iwe ndimakudziwa, chikukuvuta si chilankhulo ayi, ukuopa kuti akuluakulu aja akangomva zoti nyimbo zake n'zakiyibodi akukanira. Ndanama?

Ukukumbuka malume a ku Chipoka aja? Aa, iwe unali usanayambe ndi sukulu yomwe, mamina ali mbwee. Nthawi imene anali kwayamasitala analemba kalata, nyimbo 12... ayi ndanama, zinali 10, koma mitu yokhayokha, mawu ake osalembamo. Anapalasa njinga mpaka pa boma ku Salima kukaitayipitsa kuti ioneke bwino, dzuwa la mu Okutobala lija, kubwerako malaya atanyowa. Komiti inangoti chabwino imbani imodzi timve. Atangoyamba, agogo ena achigwirizano anadzuka n'kunena kuti ana inu, chuni ichi timavinira chimtali ku ukwati ichi! Malume anali atangochotsa mawu akale n'kuikapo a m'Baibulo, osawauza anthu. Zonse 10 zinakanidwa limodzi, ndi zabwinobwino zomwe, zinandiwawa ine chifukwa besi yake ndinali nditaigwira kale.

Ndiye iweyo, mmm, dikira... eya. Sankha zitatu basi. Iliyonse ikhale ndi pepala lakelake, mawu onse kuyambira vesi yoyamba mpaka kolasi, pansi pake ndime ya m'Baibulo imene nyimboyo yatsamirapo. Ngati ija yachopereka umaimba potsuka mbale ija, ulembe 2 Akorinto 9:7, yonena za wopereka mokondwera, ulembenso kuti iyi ndi ya nthawi ya chopereka, anapeka ndi uje wa kwaya yathu yomweyi, chuni n'chathu kapena tabwereka kwakuti. Usabise pamenepo. Unenenso ngati ikufuna kiyibodi, komanso ngati ingaimbike pakamwa pokha magetsi akathima, chifukwa funso limenelo akufunsa ndithu.

Mawu oti nyimbo zakale zatitopetsa asapezekemo, amene akawerenge kalatayo ndi omwe anakulira nyimbo zimenezo. Iwe ungoti tikupempha kuwonjezera. Usasayine wekha, asayinenso tcheya wa kwaya, ipite kudzera kwa mlembi wa komiti, kope imodzi usunge.

Koma chenicheni n'choti kumapeto upemphe tsiku loti mukawaimbire iwowo kaye musanaimbe m'tchalitchi, olo Loweruka masana ikatha pulakatisi. Aone mawu papepala, amve ndi makutu awo, pokonza akonze pomwepo. Wamva? Ayambe kumva ndi a komiti, mpingo pambuyo. Ndipo ukalemba unditumizire ndione kaye, paja iwe olo meseji imakhala ngati ulaliki. Mawu papepala, kenako mukawaimbire, basi. Upereke moni kwa azakhali.