Mabanki 8 aja, ndayankha ndi mawu

"Asuweni, ndili ndi masheya m'mabanki 8 osiyanasiyana. Amati ndalama uzimwaza, ndiye pamenepa ndamwaza mokwanira eti? Ndikufuna ndiwonjezere banki ina mwezi uno."

Eee, msuweni, ndauona uthenga wako. Kulemba sinditha, zala zanga ukuzidziwa, ndiye ungomvera. Dikira nditseke chitseko... ehe.

Choyamba, iwe sukufunsa. Ndimakudziwa. Ukayika "eti" kumapeto ndiye kuti unaganiza kale, ukungofuna wina avomere kuti zikadzavuta udzati asuweni anandiuza. Ndi mmene unachitira ndi galimoto ija. Sindiyambitsa, ayi, gulu lonse likumvera. Koma chimene chikukudya ndi bonasi imene walandira kuntchito, ikukuyabwa m'manja, ndipo poti umagwira ntchito kubanki, mabanki ndi amene umawadziwa. Ndanama?

Ndikuuze za amalume, bambo ako aang'ono aja. Iwe unali kusukulu nthawi imeneyo, unangomva mbali ya azakhali, ndipo mbali ya azakhali timaidziwa tonse. Amalume ankagwira ntchito kukampani yokonza makina okumbira mafuta. Munthu wosamala, wosamwa, kabuku m'thumba nthawi zonse. Ndalama iliyonse yotsala ankagula masheya. Tsiku lina anandiitana, anatsegula kabuku kaja, akuwerenga monyadira. Makampani 12... ayi, 11, ina ija anali atagulitsa. Iyi imakumba mafuta. Iyi imapanga mapaipi. Iyi ili ndi sitima zonyamula mafuta. Iyi imabwereketsa makina kwa okumba. Iyi imafufuza pansi pa nyanja. Akuti, "Mphwanga, taona, palibe ziwiri zochita ntchito imodzi. Ina ikagwa, zina zindinyamula." Ine ndinagwedeza mutu, ndinali mwana, komanso amalume sunkawatsutsa akatsegula kabuku.

Ndiye kunabwera 2014. Pakati pa chaka chimenecho mgolo umodzi wa mafuta unkagulidwa madola opitirira 100. Pofika Januwale 2016 unali pansi pa madola 30. Tsono tamvera mmene zinayendera, chifukwa mpamene pali nkhani. Okumba anaona kuti zitsime zatsopano sizibweza ndalama, analeka kukumba. Akaleka kukumba, mapaipi agula ndani? Makina abwereka ndani? Ofufuza aja awatuma ndani? Makampani amene ankaoneka osiyana m'kabuku onse ankadya m'mbale imodzi, mtengo wa mafuta. Ya sitima ija yokha ndi imene inalimbako, chifukwa mafuta otchipa amanyamulidwabe. Zina zonse zinatsika limodzi, zingapo zinasiya kugawa phindu, imodzi inatsekeratu.

Ndipo chowawa... eee, ichi sindikonda kuchikamba. Chaka chomwecho ntchito yawo inatha. Kampani yawo inalibe makina oti ikonze. Nthawi imene ankafunika kugulitsa masheya kuti banja lidye ndi nthawi imene masheyawo anali pansi penipeni. Akanatha kudikira mwina ena akanadzuka, koma wopanda malipiro sadikira. Anagulitsa motaya. Ndi chifukwa chake nyumba ija inaima pamawindo, zimene amanena azakhali zija si zoona. Kabuku kaja akadali nako, usakawafunse.

Ndafika pati... ehe, mabanki ako. Chaona mnzako chapita, msuweni.

Sindikuti kukhala ndi 8 n'kopanda ntchito, usandimve molakwa. Tiyerekeze kuti unaika 100 m'banki iliyonse, zonse 800. Banki imodzi ikagwa payokha, kaya mabwana aba, kaya anakongoza munthu mmodzi ndalama zambiri osabweza, wataya 100 basi, 700 ilipo. Pamenepo 8 yakuteteza ndithu. Koma pali mavuto ena amene safunsa dzina la banki. Chuma chikalowa pansi, anthu amalephera kubweza ngongole kumabanki onse. Banki yaikulu ya dziko ikasintha chiwongoladzanja, kapena ikalamula kuti mabanki azisunga ndalama zambiri osagawa phindu, lamulolo ndi la onse. Ndiponso mabanki amakongozana okhaokha, iwe ukudziwa kuposa ine. Mu Seputembala 2008 banki ya Lehman Brothers itagwa ku America, masheya a mabanki anagwa m'maiko ambiri, ngakhale a mabanki oyendetsedwa bwino. Ndiye onse 8 akatsika ndi 40 peresenti, wataya 320. Ukhale ndi 9, ukhale ndi 20, ndi 40 peresenti yomweyo. Banki yachisanu ndi chinayi siichotsapo kanthu.

Tsono 800 yomweyo uigawe mwina. 200 kumabanki, 200 kumakampani a mankhwala, 200 kumakampani a mafoni, 200 kumabondi a boma, kumene ukukongoza boma n'kumalandira chiwongoladzanja. Mabanki atsika 40 peresenti, wataya 80. A mankhwala ndi a mafoni tinene kuti atsika 10 peresenti, chifukwa anthu amadwalabe ndipo amaimbabe foni, ndiye 20 ndi 20. Mabondi tinene angoima. Zonse pamodzi... 80, 40... 120. Apa 120, apo 320. Manambalawa ndangopeka kuti uone, usakawalembe pakhoma.

Nkhani yake ndi imeneyo. Usamawerenge maina a makampani, uziwerenga zinthu zimene zingawagwetse. Ngati chinthu chimodzi chingagwetse onse tsiku limodzi, uli ndi chinthu chimodzi chokha, ngakhale mapepala ake ndi 8.

Ukufuna kudziyesa? Tsegula pamene umaonera masheya ako, uyang'ane miyezi imene zinatsika kwambiri. Ngati onse 8 anafiira mwezi umodzi n'kudzukanso mwezi umodzi, wadziyankha wekha. Ndipo samala ndi zobisika. Ukagula kampani yomanga nyumba imene imadalira ngongole za mabanki omwewo, wasuntha pang'ono chabe. Thumba la penshoni yako nalonso ukalifunse, mwina muli mabanki omwewo. Kuwonjeza apo malipiro ako, bonasi yako, zonse zikuchokera kubanki. Ukuona chimene ndinayambira ndi amalume?

Ndinenenso chilungamo, poti ukandigwira mawu. Kumwaza sikutseka mavuto onse. Mu 2008 momwemo pafupifupi masheya onse anatsika, kungoti a mabanki anatsika koposa. Komanso chaka chimene mabanki adzakwere kwambiri, iwe udzapeza zochepa kuposa mnzako amene anaika zonse kumeneko, ndipo udzanditukwana mumtima. Ndavomereratu. Ndipo sindikuti mawa ukagulitse zonse mothamanga, kugulitsa kuli ndi ndalama zake zodula, mwinanso msonkho. Ungoyamba ndi ndalama zatsopano, uzizipititsa kwina mpaka mabanki achepe mphamvu m'thumba mwako.

Ndiye... nthambi 8 za mtengo umodzi, msuweni. Mphepo ikathyola nthambi imodzi uli bwino, koma chiswe chikadya tsinde zonse zili pansi. Bonasi imeneyo ipite kumtengo wina.

Ndalankhula mphindi zingati? Iii, amayi ako adandaula kuti ndadzaza foni. Unditumizire mndandandawo kumbali, osati pagulu pano, amalume amamvera zonse ngakhale sayankha.