K8,600 yoonjezera pa sitetimenti yachokera kuti?

"Abale, ndine wa geni ya usipa ku Makawa. Pa 1 Marichi ndinatenga ngongole ya K600,000, yobweza K100,000 ndi chiwongoladzanja chake pa 1 mwezi uliwonse. Ya Epulo ndinalipira pa tsiku lake. Ya Meyi ndinachedwa chifukwa cha mwera, koma pa 21 ndinapereka yonse, K114,795. Lero akuti pa 1 Juni ndipereke K120,830 pomwe pepala landondomeko likunena K112,230. Ndaika zithunzi za sitetimenti ndi pangano. Kodi sakundibera?"

Achemwali, ndakhala pansi ndi zithunzi zanu komanso kakyuleta, ndipo masamu awo akutuluka. K8,600 yonseyo ikupezeka mpaka kwacha yomaliza. Koma kutuluka kwa masamu sikutanthauza kuti zonse zili bwino, chifukwa pali malo awiri pomwe muli ndi ufulu wofunsa. Tengani kope ndi cholembera tiyendere limodzi, kuti mwezi wamawa mudzathe kuchita nokha.

Mzere uliwonse wa chiwongoladzanja umamangidwa ndi zinthu zitatu basi: ndalama imene akuwerengerapo, peresenti yapachaka, ndi masiku.

```
ndalama × peresenti ÷ 100 × masiku ÷ 365
```

Tiyese kaye pa mwezi umene munalibe vuto, chifukwa ndiwo umaulula mmene makina awo amawerengera. Pangano lanu likuti 36 peresenti pachaka. Pa K600,000 ndiye kuti K216,000 pachaka, ndipo mukagawa ndi 365 mupeza pafupifupi K592 patsiku. Kuchokera pa 1 Marichi kufika pa 1 Epulo ndi masiku 31, ndipo kakyuleta ikupereka K18,345. Yang'anani mzere wolembedwa Interest wa pa 1 Epulo: ndi K18,345 yomweyo. Nambala imeneyi yatiuza kuti amagawa ndi 365. Akanakhala kuti amagawa ndi 360 mukanaona K18,600, ndipo akanamagawa ndi 360 n'kumatenganso mwezi uliwonse ngati wa masiku 30 mukanaona K18,000 yosalala. Mzere wa pa 1 Meyi ukutiuza china. Watsika kufika pa K14,795, yomwe ndi masiku 30 pa K500,000, kusonyeza kuti amawerengera pa ngongole yotsala osati pa imene munatenga poyamba. Malo ena amalipiritsa chiwongoladzanja chofanana mwezi ndi mwezi ngakhale ngongole ikuchepa, koma anuwa sakutero.

Tsopano mwezi wa Meyi. Mizere yachilango ilipo iwiri ndipo si yamtundu umodzi. Wa pa 2 Meyi, wolembedwa Late Fee, ndi K5,000. Imeneyi ndi chindapusa chogwa kamodzi, chilibe masiku, kuchedwa tsiku limodzi kapena masabata atatu n'chimodzimodzi, ndipo ndaiona yalembedwa m'pangano. Wa pa 21 Meyi, wolembedwa Penalty Interest, ndi K1,510, ndipo uwu ndiwo wofunika kuusanthula.

Pangano likuti chilango ndi 24 peresenti pachaka. Masiku ndi 20, kuchokera pa 1 kufika pa 21. Chomwe sitetimenti sikunena ndi ndalama imene anawerengerapo, choncho timayesa zonse zotheka tione yomwe igwirizane. Pa K500,000, ngongole yonse yotsala, chilango chikanakhala K6,575. Pa K100,000, thunthu lokha la gawo limene linachedwa, ndiye kuti ngongole yeniyeniyo popanda chiwongoladzanja, chikanakhala K1,315. Pa K114,795, thunthu pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, ikutuluka K1,510. Ndiye tadziwa: anakulangani pa gawo lonse la mwezi umenewo, kuphatikizapo chiwongoladzanja cha Epulo chimene chinali m'kati mwake.

Apa ndi malo oyamba ofunsa. Chithunzi chanu chadula ndime ya chilango chapakati, ndiye muiwerenge nokha mpaka kumapeto. Ngati ikunena overdue amount kapena overdue instalment, akutanthauza gawo lonse lochedwa ndipo K1,510 ndi yolondola. Ngati ikunena overdue principal, amayenera kuwerengera pa K100,000 yokha ndipo akuchulutsirani K195. Ena m'gulu muno anganene kuti K195 si ndalama yokwerera minibasi kupita kuboma. N'zoona, koma makina akalakwitsa powerengera amalakwitsa mwezi uliwonse komanso kwa aliyense, ndipo ngongole ikakhala ya mamiliyoni kusiyanako sikukhalanso kwa masewera.

Pomwe anthu ambiri amasokonezekera ndi pa tsiku limene munalipira. Inu munanyamula K114,795 mumtima muli poti Meyi watha. Koma ndalama ikalowa, wobwereketsa saiika pomwe inu mukuganiza. Amatsata ndondomeko yolembedwa m'pangano, ndipo lanu likuti zindapusa poyamba, kenako chilango, kenako chiwongoladzanja, thunthu pomalizira. Choncho pa ndalama yanu anayamba achotsa K5,000, n'kuchotsa K1,510, n'kuchotsa K14,795. Yotsala ndi K93,490, ndipo imeneyi ndiyo inapita ku thunthu m'malo mwa K100,000. Mungatsimikize poyang'ana balansi ya pa 21 Meyi: yalembedwa K406,510, osati K400,000. Mzere wa Arrears wa K6,510 umene ukukupwetekani mutu si chilango chatsopano ayi. Ndi mpata umene zilango ziwiri zija zinasiya pa thunthu. Musaziwerenge kawiri poganiza kuti pali K6,510 ya chilango ndi K6,510 ina ya zotsalira, ndi ndalama imodzi yomweyo.

Zimandipweteka kuti pa kauntala pamafunika munthu wongonena kuti, "Mayi, lero mukufunika K121,305 kuti mutseke mwezi," koma nthawi zambiri amangolandira imene mwabweretsa n'kudinda lisiti.

Chotsatira ndi chiwongoladzanja wamba cha Meyi, chomwe pa sitetimenti ndi K14,273 pomwe pepala landondomeko linati K12,230. Pepala lija linalembedwa tsiku limene munatenga ngongole, poyembekezera kuti pa 1 Meyi thunthu lidzatsika kufika pa K400,000, ndipo masiku 31 pa ndalama imeneyo ndi K12,230. Koma thunthu silinatsike tsiku limenelo. Mwezi ukakhala ndi balansi ziwiri, muudule pawiri. Masiku 20 oyamba ngongole inali idakali K500,000, pa K493 patsiku, yomwe ndi K9,863. Masiku 11 otsala, kuchokera pa 21 Meyi kufika pa 1 Juni, inali K406,510, yomwe ndi K4,410. Mukaphatikiza mupeza K14,273. Kusiyana ndi ya papepala ndi K2,043, ndipo imeneyi sinalembedwe dzina la chilango paliponse ngakhale yabwera chifukwa cha kuchedwa komweko. Ndi mtengo wosunga K100,000 ya eni ake masiku 20 oonjezera, ndi K6,510 masiku 11.

Kwatsala kamzere kakang'ono ka pa 1 Juni, Penalty Interest ya K47. Ndi 24 peresenti pa K6,510 kwa masiku 11. Kakuchepa, koma kakukuuzani chinthu chachikulu: m'mabuku mwawo simunachoke pa gulu la ochedwa kuyambira pa 1 Meyi. Phatikizani tsopano K6,510, K2,043 ndi K47. Ndi K8,600, ndipo mukaiika pa K112,230 mupeza K120,830.

Malo achiwiri ofunsa ndi masiku. Tsiku la 1 Meyi ndi latchuthi m'dziko muno, la anthu apantchito, ndipo mapangano ena amanena kuti tsiku lobweza likagwa patchuthi kapena Lamulungu limasunthira ku tsiku lantchito lotsatira. Fufuzani mawu akuti business day kapena working day m'pangano lanu. Ngati ndime yotero ilipo ndipo tsiku lanu linasunthira pa 2, masiku a chilango ndi 19 ndipo mzere uja unayenera kukhala K1,434. Ngati palibe, 20 ndi yolondola.

Onaninso mbali inayo, tsiku limene ndalama yanu inalowa. Masitetimenti ambiri amakhala ndi madeti awiri, Posting Date lomwe ndi tsiku limene kalaliki kapena makina analemba, ndi Value Date lomwe ndi tsiku limene ndalama imayamba kuwerengedwa kuti yafika. Chiwongoladzanja chimatsata lachiwirilo. Ngati munatumiza pafoni, tsegulani uthenga wotsimikizira muone deti lake. Ngati munapatsira wogwira ntchito wawo amene amazungulira m'madoko, onani deti la palisiti. Likakhala la 21, palibe nkhani. Likakhala la 18 kapena 19, masiku apakatiwo sanayenere kugwera inu, ndipo tsiku lililonse likukudyerani pafupifupi K75 ya chilango ndi ina yoposa K90 ya chiwongoladzanja. Akakonza deti, mizere yonse yapansi pake imasintha, kuphatikizapo K6,510 ndi K47, choncho muwapemphe sitetimenti yatsopano, osati kungokuchotserani pa mzere umodzi.

Chimene ndikuopa kwambiri n'chakuti mungakwiye n'kupereka K112,230 yokha ya papepala. Mukatero, ndondomeko yomwe ija idzagwiranso ntchito. Adzayamba kudzilipira zakale, gawo la Juni lidzaperewera ndi K8,600, ndipo malinga ndi mmene ndime ya Late Fee yalembedwera, gawo loperewera ndi gawo lochedwa, ndiye K5,000 ina idzagwa pa 2 Juni. Umu ndi mmene munthu wochedwa kamodzi kokha amapezekera akulipira chindapusa mwezi uliwonse mpaka ngongole kutha, iye akulumbira kuti sanadumphepo mwezi. Komanso zakachedwedwe zimatha kufika ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka, ndipo zimadzakuvutitsani pofuna ngongole kwina. Ngati mungathe, perekani K120,830 yonse pa tsiku lake, dandaulo lizitsatira pambuyo. Mukapitirira pa 1 Juni nambala imeneyi siikhalanso yomweyo, ndiye musanapereke funsani kuti lero lino ndalama yotsekera zotsalira zonse ndi zingati, ndipo akulembereni.

Popita ku ofesi yawo kuboma, tengani pangano lonse, pepala landondomeko, malisiti ndi kope lanu la masamu. Musakayambe ndi mawu akuti mwandibera, chifukwa kalaliki amangotseka makutu. Lozani mzere umodzi n'kufunsa kuti, "Uwu mwawerengera pa ndalama zingati, peresenti yanji, kuyambira liti kufika liti, ndipo ndi ndime iti ya pangano?" Mukapeza cholakwika, lembani kalata yaifupi yotchula deti la mzere, ndalama imene alemba ndi imene inu mwapeza, ndipo kope lanu la kalatayo adindepo chidindo chosonyeza kuti alandira. M'kalata yomweyo mukhoza kupempha kuti akukhululukireni K5,000 ija poti ndi koyamba kuchedwa. Si ufulu wanu, koma oyang'anira nthambi ena amavomera. Akapanda kuyankha, kapena yankho likapanda kugwirizana ndi pangano, mabanki, mabungwe angongole zing'onozing'ono ovomerezeka ndi ma SACCO amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kumeneko amalandira madandaulo a makasitomala amene ayamba adandaula kwa wobwereketsa. N'chifukwa chake kope lodindidwa lija muyenera kulisunga bwino.

Jambulaninso ndime ya chilango yonse ndi uthenga wa pa 21 Meyi muike pano, koma mubise dzina, nambala ya akaunti ndi ya foni, chifukwa pa chithunzi chachiwiri nambala ya akaunti ikuoneka.