Lendi ya chipinda chomwe mwamanga: muyiwerengere pa miyezi 10, osati 12

"Abale, ndamaliza kumanga chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba yanga ndipo ndikufuna kuyikamo munthu wa lendi. Ena akuti ndingoona momwe anzanga akulipiritsira, ena akuti ndiwerengere ndalama zomwe ndinawononga. Ndiyike mtengo wanji pamwezi kuti ndisaluze? Ndine mayi, aka n'koyamba."

Mayi, onse awiri akukuuzani zoona, koma aliyense wagwira mbali imodzi. Ndalama zomwe munawononga zimakuuzani mtengo wotsikitsitsa womwe mungalandire osaluza. Zomwe anzanu akulipiritsa zimakuuzani mtengo wokwereretsa womwe munthu angavomere kulipira. Lendi yanu ikhale pakati pa ziwirizi, ndipo muyambe ndi wotsikitsitsawo chifukwa ndi umene ambiri sauwerengera n'komwe.

Tengani kope mulembe zonse zomwe zinalowa m'chipindacho. Njerwa, simenti, mchenga, malata, matabwa ndi malipiro a mmisiri, izi palibe amaziiwala. Zomwe zimathawa m'mutu ndi zing'onozing'ono zija: misomali, galimoto yomwe inanyamula mchenga, madzi omangira, loko, mahinjesi, magalasi a zenera, mawaya ndi munthu amene anawalumikiza, penti. Ngati wa lendiyo azigwiritsa ntchito chimbudzi ndi bafa zomwe munamanga kale, gawo lina la mtengo wake lilowenso. Ndipo muwerengere pa mitengo ya lero. Ngati munagula malata zaka zitatu zapitazo n'kuwasunga, lembani momwe akugulidwira panopa, chifukwa tsiku lomwe adzadonthe mudzagula atsopano pa mtengo wa tsikulo.

Popeza simunatchule ndalama zanu, ndingopeka manambala kuti njira ioneke bwino, inu mukayikemo anu. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana 2,400,000. Funso loyamba ndi lakuti mukufuna ndalamayi ibwerere m'zaka zingati. Palibe lamulo pamenepa, ndi chisankho chanu, koma ine ndimatenga zaka 10 ngati poyambira. Mukati zaka zisanu lendi imakwera mpaka kuthamangitsa anthu, mukati zaka 20 chipinda chiyamba kufuna kukonzedwa kwakukulu ndalama yanu isanabwerere. Pa zaka 10 ndiye kuti chipinda chizibweza 240,000 chaka chilichonse.

Tsopano zokonzetsa, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pomwe eni nyumba atsopano amadzinamiza. Chipinda chikakhala chatsopano chimaoneka ngati sichidzafunanso kanthu. Chaka choyamba mwina simutulutsadi ndalama iliyonse. Koma kuwonongeka kumakhala kwayamba kale, kungoti sikunakufikeni m'thumba. Munthu akakhalamo zaka ziwiri n'kusamuka, mukalowa mupeza khoma lada pomwe panali mutu wa bedi, mabowo a misomali pomwe ankakoleka zovala, loko yolimba potsekula, simenti ya pansi itakumbika pakhomo pomwe aliyense amaponda. Sikuti munthuyo anali wosasamala ayi, chipinda chokhalamo munthu chimatha choncho basi. Ndiye chilichonse muchiwerengere pachokha, mtengo wake muugawe ndi zaka zomwe chimakhala. Ngati kupenta kumadya 40,000 ndipo muzipenta pakatha zaka ziwiri, ndi 20,000 pachaka. Zing'onozing'ono monga loko, mpopi wodontha, galasi losweka ndi soketi yopsa, tiziyike pa 16,000. Gawo la chipindachi pa kupopetsa chimbudzi ndi msonkho wa malo, ngati kwanuko ulipo, tiyike 12,000. Zatsala zikuluzikulu zomwe zimabwera patalipatali koma zikabwera zimapweteka: chitseko chodyedwa ndi chiswe, denga, ming'alu, kuthiranso simenti pansi. Izi muzisungira 24,000 pachaka ngakhale chaka chomwe palibe chawonongeka. Zonse pamodzi ndi 72,000, kapena kuti 3 pa 100 iliyonse ya mtengo womangira. Ngati munamanga mopanikiza ndalama, simenti yochepa ndi matabwa osapaka mankhwala a chiswe, nambala yanu ikhale yokwererapo kuposa pamenepa.

Tikaphatikiza 240,000 ndi 72,000 tikupeza 312,000. Iyi ndi ndalama yomwe chipinda chiyenera kulowetsa pachaka. Ambiri apa amagawa ndi 12 n'kupeza 26,000, n'kusangalala. Koma chaka cha mwini nyumba sichikhala ndi miyezi 12 yolandira. Munthu akatuluka pakati pa mwezi, mupente, penti iume, mulengeze, anthu abwere kudzaona, amene wachikonda anene kuti adikira alandire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Mwezi wapita pamenepo. Kuonjezera apo pali mwezi womwe munthu alimo koma sanalipire, kenako n'kusamuka usiku ndi ngongoleyo. Umenewunso ndi mwezi wopanda munthu, komanso ndi woipirapo chifukwa chipinda chimakhala chikutha. Mukagawa 312,000 ndi miyezi 11 mupeza pafupifupi 28,400. Mukagawa ndi 10 mupeza 31,200. Kwa inu amene mukuyamba kumene, simunadziwe kusankha anthu ndipo malo anu sanadziwike, gawani ndi 10. Ngati chipinda chili pafupi ndi sukulu ya ukachenjede ndipo mukudalira ophunzira, werengani miyezi yomwe amakhala pa tchuthi, mwina mugawe ndi 9.

Choncho m'chitsanzo chathuchi pansi penipeni ndi 31,200. Tsopano tulukani panja mukaone zomwe ena akulipiritsa. Musafunse eni nyumba okha, amakonda kutchula mtengo womwe amaufuna, osati womwe amalandira. Funsani anthu omwe akukhala pa lendi, ndiwo amanena nambala yeniyeni. Ndipo muyerekeze zofanana: kukula kwa chipinda, kaya chili ndi magetsi ndi madzi pafupi, chimbudzi amagawana mabanja angati, kuli mpanda kapena ayi, mtunda wokafika pokwerera galimoto, komanso ngati pabwalo pamadikha madzi mvula ikagwa. Zipinda zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwanira kukuonetsani pomwe mitengo ikuzungulira.

Tinene kuti mwapeza kuti zofanana ndi chanu zikuyenda pakati pa 30,000 ndi 35,000. Mtima ukuuzani kuti chanu n'chatsopano, muyike 35,000. Werengani kaye. Pa 35,000, chipinda chikakhala miyezi itatu chikudikira munthu, mulandira miyezi 9, yomwe ndi 315,000. Pa 32,000, munthu akalowa msanga n'kukhazikika, mukalandira miyezi 11, ndi 352,000. Mtengo wotsikawo wabweretsa 37,000 yochuluka. Ine ndikanayika 32,000, mwina 33,000 kuti pakhale potsitsira munthu akanenerera. Pa 32,000, ngakhale chaka chitavuta n'kulandira miyezi 10 yokha, mupeza 320,000, yomwe ikadali pamwamba pa 312,000 ija. Chaka chikayenda bwino pa miyezi 11, mukachotsa zokonzetsa mutsala ndi 280,000, ndipo pa liwiro limenelo ndalama yomangira ibwerera zaka 9 zisanakwane.

Masamu omwewa muziwakumbukira tsiku lomwe mudzafune kukweza lendi kwa munthu amene amalipira bwino. Kuchoka pa 32,000 kufika pa 35,000 kukupatsani 36,000 yoonjezera pachaka ngati akhalabe. Akakwiya n'kusamuka, chipinda n'kukhala miyezi iwiri chopanda munthu, mulandira 350,000 m'malo mwa 384,000 yomwe mukanalandira osakweza, ndipo penti ikudikiraninso. Sindikuti musamakweze. Mitengo ya zomangira ikamakwera lendi yanu ili pamodzimodzi, ndiye kuti mukutsitsa osadziwa. Kwezani pang'onopang'ono kamodzi pachaka, mumuuze munthu nthawi ikadalipo, ndipo mfundo imeneyi ilembedwe m'pangano tsiku lolowa. Kukhala chete zaka zinayi kenako n'kukweza kwambiri tsiku limodzi ndi komwe kumathamangitsa anthu abwino.

Zitha kuchitikanso kuti mwayendayenda n'kupeza kuti anzanu onse ali pa 25,000, pansi pa 31,200 yanu ija. Apa musaumirire. Wofuna chipinda salipira chifukwa choti munagula chitseko chodula, amalipira poyerekeza ndi chipinda china chomwe waona m'mawa womwewo. Landirani mtengo wa m'deralo, mungosintha zaka. Pa 25,000 kwa miyezi 11 mupeza 275,000, kuchotsa 72,000 kutsala 203,000, ndipo ndalama yanu ibwerera m'zaka pafupifupi 12. Kwachedwa, koma sikuluza. Chomwe simuyenera kudula ndi ndalama ya zokonzetsa, chifukwa chipinda chosakonzedwa chimatsika mtengo chaka ndi chaka ndipo chimayamba kukoka anthu okhawo omwe akanidwa kwina. Chimodzimodzi ngati munamanga ndi ngongole: chiwongoladzanja chilowe m'mtengo womangira, koma musayembekeze kuti lendi ifanane ndi zomwe mukubweza pamwezi. Ngongole ya zaka ziwiri singabwezedwe ndi lendi ya chipinda chomwe chibweza ndalama yake m'zaka 10, yotsalayo ichokera m'thumba mwanu.

Mukalengeza, anthu omwe akuuzani ngati mwalasa kapena mwaphonya. Mafoni akamalira, anthu n'kumabwera, kusuzumira, kufunsa mtengo kenako "ndikuyimbiraninso" osayimba, kwa masabata atatu kapena anayi, mtengo wakwera. Tsitsani msanga, chifukwa pa 32,000 sabata iliyonse yodikira ikukudyerani pafupifupi 8,000. Ngati onse obwera akudandaula chinthu chimodzi chomwecho, monga mdima wa m'chipinda kapena chimbudzi chakutali, vuto ndi chinthucho, ndipo kuchikonza kungakhale kotchipa kuposa kutsitsa lendi mwezi ndi mwezi. Koma ngati tsiku loyamba lomwelo anthu atatu akulimbirana popanda ndi mmodzi yemwe wonenerera, munatsitsa kwambiri. Musasinthe mtengo pamaso pa munthu amene mwagwirizana naye kale, mudzakonze pa kukweza kwa chaka chamawa.

Za madzi ndi magetsi, ngati n'kotheka zisalowe m'lendi. Munthu amene salipira yekha magetsi sazimitsa, ndipo mbaula ya magetsi imodzi ikhoza kudya phindu lonse lomwe tawerengera apa. Ngati mita ndi imodzi, gwirizanani momwe muzigawana bilu ndipo mulembe. Dipoziti nayo musayiwerengere ngati phindu. Ndi ndalama ya mwini wake yomwe mukungosunga, yolipirira zomwe waswa kapena ngongole yomwe wasiya, ndipo penti yongotha ndi zaka siyichotsedwa pamenepo chifukwa munayilipiritsa kale m'lendi. Jambulani chipinda chonse ndi foni tsiku lolowa, nonse awiri mulipo, kuti tsiku lotuluka pasadzakhale kukangana kuti galasi linali losweka kale kapena ayi.

Lendi ikayamba kulowa, patulani ya zokonzetsa tsiku lomwelo musanakhudze yotsalayo. M'chitsanzo chathu 72,000 kugawa ndi miyezi 10 yolandira ndi 7,200 pa lendi iliyonse. Muyisunge pomwe dzanja silifika msanga, osati m'chikwama chomwe mumagulira zapakhomo. Ngati mungalembe pano ndalama zomwe munawononga ndi mitengo ya zipinda zitatu zoyandikana nanu, ndikuthandizani kuwerengera zanu zenizeni.