IBAN imodzi ikuyamba ndi IE, ina ndi LT: kodi fizi nditumize kuti?

"Ndine mayi wa ku Matawale kuno ku Zomba. Mwana wanga wapeza malo pa koleji ina ku Ayalandi ndipo akufuna tilipire gawo loyamba la fizi. Pa kalata yoyamba panali IBAN yoyamba ndi IE, ndinaikopera m'kope, koma ku banki anandibweza kuti nambalayo ndi yoperewera. Kenaka kwabwera imelo ina yoti tigwiritse ntchito IBAN yatsopano yoyamba ndi LT. Ndingadziwe bwanji dziko la nambala zimenezi?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi chofulumira: musatumize kanthu ku nambala yachiwiriyo kufikira mutalankhula ndi a kolejiyo. LT si Ayalandi, ndi Lithuwaniya.

IBAN ndi nambala ya akaunti ya ku banki yolembedwa mwanjira yoti izidziwika potumiza ndalama pakati pa maiko. Zilembo ziwiri zoyambirira za IBAN iliyonse zimatchula dziko kumene akauntiyo inatsegulidwa. Pambuyo pake pamabwera manambala awiri otsimikizira, kenaka zotsalazo ndi chizindikiro cha banki ndi nambala ya akaunti monga momwe dzikolo limalembera. Dziko lililonse logwiritsa ntchito IBAN linasankha utali wake ndipo susintha. IBAN ya ku Ayalandi imakhala ndi zilembo ndi manambala 22 pamodzi, kaya ndi ya koleji yaikulu kapena ya wophunzira. Ya ku Lithuwaniya imakhala ndi 20. Yaifupi kwambiri ndi ya ku Nolowe, NO, yomwe ili ndi 15, ya ku Malita, MT, imafika 31, ndipo lamulo lake sililola kupitirira 34.

Tsopano tengani kope lanu lija tiwerenge limodzi. Nachi chitsanzo chomwe chimasindikizidwa pofotokoza IBAN ya ku Ayalandi, si akaunti yoti mutumizeko ndalama:

```
IE29 AIBK 9311 5212 3456 78
```

Mwaona kuti yalembedwa m'timagulu ta zinayizinayi. Musavutike kuwerenga chimodzichimodzi, werengani timaguluto. Pano pali timagulu tisanu todzaza, ndiye 20, ndi manambala awiri otsala kumapeto, kukwana 22. Mipata ya pakatiyo sitiwerenga, ndipo mawu akuti IBAN amene ena amalemba kutsogolo sali mbali ya nambalayo. Mukalembanso yanuyo mwanjira imeneyi n'kupeza kuti kumapeto kwatsala nambala imodzi m'malo mwa awiri, mwapeza chimene a banki anaona. Mungathe kudziwanso pamene yagwera. Ku Ayalandi, pambuyo pa IE ndi manambala awiri aja pamabwera zilembo zinayi za banki, kenaka manambala 6 a nthambi, kenaka 8 a akaunti. Ndiye pambuyo pa zilembo zinayi zija payenera kukhala manambala 14 ndendende.

Kawirikawiri chimene chimasowa ndi nambala yobwerezabwereza. Ine ndinabwezedwapo pa banki ina m'tauni muno, nditaima pamzere m'mawa wonse, chifukwa pa IBAN ya ku Jeremani panali maziro anayi ondondozana ndipo ine ndinalemba atatu. Diso limadumpha, makamaka pokopera kuchokera pa foni. Koma mukapeza kuti yaperewera musaganizire nokha nambala yoti muikepo. Bwererani ku kalata yoyamba ija mukopere mwatsopano. Amene muli ndi kompyuta, ikani IBAN mu bokosi A1 la Excel ndipo izi zikupatsani dziko ndi utali:

```
=LEFT(A1,2)
=LEN(SUBSTITUTE(A1," ",""))
```

Utali pawokha sutchula dziko ayi. Jeremani, Biriteni ndi Ayalandi onse ali ndi 22. Falansa ndi Itale onse ali ndi 27. Dziko timalidziwa ndi zilembo, utali umangotiuza ngati nambalayo yakwana mogwirizana ndi zilembozo. IE ya 22 ikugwirizana, IE ya 21 kapena 23 ndi yolakwika basi.

Zilembozo nazo zimapusitsa, chifukwa sizitsatira dzina limene ife tinazolowera. Jeremani ndi DE, kuchokera ku dzina limene eni ake amatchula dziko lawo. Biriteni ndi GB osati UK, ndipo pa inu mayi izi n'zofunika: koleji ikakhala ku Belfast, kumpoto kwa chilumba cha Ayalandi, IBAN yake iyamba ndi GB, pomwe ya ku Dublin kapena Cork iyamba ndi IE. CH si Tchaina, ndi Siwizalandi, ya 21. Chimene chimagwetsa Amalawi ambiri ndi SA. Tikaona SA timaganiza za ku Joni, chonsecho ndi Saudi Arabiya, ya 24. Chizindikiro cha Sauthi Afirika ndi ZA, koma mabanki a kumeneko sagwiritsa ntchito IBAN n'komwe. Amereka sagwiritsanso ntchito, ngakhalenso ife kuno. Munthu wa kunja akakupemphani IBAN ya akaunti yanu ya ku Zomba, musapange yoyamba ndi MW. Mupatseni nambala ya akaunti, dzina la banki ndi nambala yake ya SWIFT, yomwe ndi chizindikiro cha bankiyo potumiza ndalama pakati pa maiko.

Nambala ya SWIFT imeneyi, ena amaitcha BIC, ikuthandizaninso pa nkhani yanuyi. Nayo ili ndi zilembo za dziko, koma zili pa malo achisanu ndi achisanu ndi chimodzi. Mwachitsanzo, pa SWIFT ya AIBKIE2D, zilembo zinayi zoyamba ndi banki, IE yotsatirayo ndi dziko. Pa kalata yabwino, IE ya pa IBAN, IE ya pa SWIFT ndi adiresi ya kolejiyo zonse ziloze kumodzi.

Tibwerere ku LT ija. Mukaiwerenga mwina mupeza timagulu tisanu todzaza, 20 ndendende, pambuyo pa LT manambala okhaokha opanda chilembo. Ikatero ndiye kuti ndi IBAN yolembedwa bwino ya ku Lithuwaniya. Makina a ku banki adzaiyesanso ndi manambala awiri otsimikizira aja: amasuntha zinayi zoyambirira kupita kumapeto, amasandutsa zilembo kukhala manambala, n'kugawa ndi 97, ndipo chotsala chiyenera kukhala 1. Kuyesa kumeneku kumagwira nambala imodzi yolembedwa molakwika, chimene kuwerenga utali sikungaone. Koma zonsezi zimangonena kuti nambalayo inapangidwa molondola. Sizinena mwini wake. Akaunti ya wakuba nayo imadutsa mayeso onsewa bwinobwino.

Sindikunena kuti LT iliyonse ndi ya akuba. Makampani angapo osunga ndalama pa foni analembetsa ku Lithuwaniya, ndiye munthu wokhala dziko lina la ku Ulaya angathe kukhala ndi IBAN ya LT mosabisa kanthu. Zilembozo zimanena kumene kuli akaunti, osati kumene mwini wake amagona. Makoleji ena amalandiranso fizi kudzera ku kampani yotolera ndalama yomwe akaunti yake ili dziko lina. Komabe koleji ikamatero imalemba poyera pa tsamba lake, siimakuuzani mwadzidzidzi pa imelo yachiwiri. Kusintha akaunti pakati pa nkhani, dziko n'kusinthanso, ndi njira yodziwika ya anthu amene amalowa m'maimelo a ena n'kutumiza invoyisi yabodza.

Safunsa anadya phula, mayi. Mwana wanu apeze nambala ya foni ya ofesi ya zachuma pa tsamba la kolejiyo, osati yolembedwa pansi pa imelo yachiwiri ija, ndipo musayankhe imeloyo. Akaimba, asawawerengere nambala iliyonse. Apemphe iwowo kuti atchule IBAN yawo, iye azilemba m'timagulu ta zinayi, kenaka afanizire ndi ya pa kalata yoyamba. Afunsenso dzina lenileni la pa akauntiyo, chifukwa ku banki adzafuna kuti dzina la pa fomu lifanane ndi la pa invoyisi asanakugulitseni mayuro.